Mwera ukalowa m'maikolofoni: kupulumutsa mawu a kanema wosabwerezeka

Tiyerekeze kuti munajambula chinkhoswe ku Nkhotakota, kufupi ndi nyanja, Loweruka lina m'mwezi wa Julaye. Zithunzi zatuluka bwino: zitenje zikuwala, ankhoswe asinthana tambala ndi thadzi, nthungululu zamveka. Koma pofika pomwe amalume a mkwatibwi akupereka malangizo, mphindi zinayi zomwe banja lonse likufuna kusunga, mawu awo akumira. Pansi pake pali kulira kosalekeza, huuu, ndipo pakangopita masekondi angapo mwera ukumenya maikolofoni, bu-bu-bu, ngati wina akukuntha mphasa. Mayi a mkwatibwi akuimbirani foni: "Achimwene, amalume sakumveka. Palibe chomwe mungachite?"

Chochita chilipo, ngakhale chinkhoswe sichibwerezedwa. Chofunika kudziwa musanagwire kompyuta n'chakuti m'kanemayu muli matenda awiri osiyana. Kulira kwa magetsi kumakhala pamalo amodzi, choncho kumadulika pafupifupi konse. Mphepo imayendayenda n'kumalowerera mawu a munthu, choncho imangochepetsedwa. Amene amapereka mankhwala amodzi pa matenda onse awiri amatsala ndi amalume olankhula ngati ali pansi pa madzi.

Mawu ali ndi makwerero

Phokoso lililonse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Chiwerengero cha kunjenjemerako pa sekondi imodzi chimalembedwa Hz pa kompyuta. Nambala ikachepa, phokoso limakhala la besi ngati ng'oma yaikulu. Ikakula, limakhala lakuthwa ngati likhweru. Tingati ndi makwerero. Tsinde la mawu a mwamuna wamkulu limakhala pakati pa 85 ndi 180 Hz, la mayi pakati pa 165 ndi 255 Hz. Koma chomwe chimapangitsa kuti timve zolankhulidwa chili pamwamba kwambiri, makamaka pakati pa 1,000 ndi 4,000 Hz. Umboni wake ndi lamya yakale ya waya: inkanyamula kuyambira 300 mpaka 3,400 Hz basi, komabe anthu ankamvana, mpaka kuzindikirana mawu.

Magetsi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi. Akalowerera m'chingwe cha mawu, amalira pa 50 Hz, n'kuberekanso ana pa 100, 150, 200 ndi kupitirira. Mphepo ndi ina. Ikamawomba pamaikolofoni, mpweya wozungulirazungulira umakankha kachikopa kam'kati komwe kamamva mawu. Mphamvu yake yambiri ili pansi pa 200 Hz, koma ikawomba mwaukali imakwera makwerero mpaka kufika pomwe pali mawu a munthu.

Yambani ndi fayilo yeniyeni

Tengani fayilo yochokera pa memori khadi ya kamera, osati yomwe yadutsa pa WhatsApp, chifukwa kanema wotumizidwa mwachizolowezi amafinyidwa ndipo mawu ake amataya zina. Ikopereni pawiri, imodzi muibise. Kenako tulutsani mawu okha. Pulogalamu yaulere ya ffmpeg imachita zimenezi ndi mzere umodzi:

```
ffmpeg -i chinkhoswe.mp4 -vn -c:a pcm_s24le mawu.wav
```

Tsegulani `mawu.wav` mu Audacity, yomwenso ndi yaulere, ndipo valani mahedifoni otseka makutu. Tisipika ta foni ndi laputopu sititulutsa 50 Hz. N'chifukwa chake ojambula ambiri amaona ngati zonse zili bwino, mpaka tsiku lomwe kanema waikidwa pa masipika akuluakulu, mazenera n'kuyamba kunjenjemera.

Lamulo limodzi lisakuchokeni m'mutu: musafufute kachidutswa kalikonse, ngakhale kochepa bwanji. Makamera ambiri kuno amajambula zithunzi 25 pa sekondi. Mukachotsa theka la sekondi m'mawu, milomo ya amalume itsalira ndi zithunzi 12 ndi theka kuyambira pamenepo mpaka kumapeto.

Tsopano yang'anani ngati fayiloyo ili ndi mizere iwiri, wakumanzere ndi wakumanja. Ngati ilipo, ilekanitseni ndi Split Stereo to Mono, n'kumvetsera uliwonse pawokha. M'chitsanzo chathu, mzere wakumanzere unachokera pa mikisa ya zokuzira mawu kudzera pa chingwe: amalume ali pafupi, magetsi akulira, mphepo ikumenya apo ndi apo. Wakumanja ndi wa maikolofoni ya pakamera: magetsi mulibe, koma amalume ali patali ndipo mphepo ili ponseponse. Tigwira ntchito ndi wakumanzere. Wakumanja tiutseke pakamwa ndi Mute, koma tisautaye. Ngakhale pa foni wamba yojambula mizere iwiri, kawirikawiri maikolofoni imodzi imakhala kuti inabisala ku mphepo kuposa inzake, ndipo kungosankha mzere wabwinowo kumatha theka la ntchito.

Kulira kwa magetsi: yezani musanadule

Pezani pomwe amalume anapuma kwa masekondi awiri kapena atatu, mphepo ili zii. Sankhani pamenepo, mupite pa Analyze, kenako Plot Spectrum. Pa Size ikani 16384, pa Axis musankhe Log frequency. Muona chithunzi chonga mapiri, ndipo kulira kwa magetsi kumaoneka ngati minga yoonda yotalikirana mofanana. Mukaika kalozera pamunga uliwonse, pulogalamu ikuuzani nambala yake.

Pa chinkhoswe chathu minga ili pa 52, 104, 156 ndi 208. Bwanji osati 50? Chifukwa magetsi anachokera ku jenereta. Jenereta yaing'ono wamba imapereka 50 Hz injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi. Ikathamanga pang'ono kufika 3,120, imapereka 52. Akalumikiza katundu wolemera, injini imafooka ndipo nambala imatsika. Magetsi a ESCOM satalikira 50 motero. Apa mpomwe ambiri amaphonya. Amaonera malangizo opangidwa ku Amereka, komwe magetsi ndi a 60 Hz, n'kudula pa 60. Kulira kumatsala momwe kunaliri, mawu okha ndiwo alumidwa.

Chida chake ndi Notch Filter. Ndi sefa yomwe imaboola kabowo kopapatiza pa nambala imodzi, kwina konse n'kusiya. Ili ndi mabokosi awiri. Pa Frequency mulemba nambala yomwe mwayeza. Pa Q mulemba kupapatiza kwa bowolo, ndipo masamu ake ndi apafupi: gawani nambala ija ndi Q, mupeza kukula kwa bowo. Pa 52 Hz ndi Q ya 10, bowo ndi la pafupifupi 5 Hz. Pa 156 Hz ndi Q yomweyo, bowo ndi la pafupifupi 16 Hz. Kukula kumeneku n'kothandiza, chifukwa jenereta ikasuntha ndi 1 Hz pa munga woyamba, wachitatu umasuntha ndi 3.

Sankhani mzere wonse, dulani 52, kenako 104, kenako 156, mukumvetsera mukatha kulikonse. Munga wa 208 ndi waufupi ndipo ukubisika pansi pa mawu, choncho tiusiye. Bowo lililonse limadyako mawu a munthu pang'ono. Mawu a amalume, omwe tsinde lake lili cha m'ma 110 Hz, amadutsa pa 104 kawirikawiri, koma popeza mawu a munthu amakwera ndi kutsika, sakhalitsa m'bowomo ndipo khutu silidandaula. Q ikakhala yaing'ono ngati 1, bowo limakula n'kumeza besi yonse ya mawu. Ikakula mopyola, sefa imayamba kulira yokha ngati kabelu kumapeto kwa mawu, komanso imaphonya munga jenereta ikangosuntha. Ngati kulira kwabwerera pakati pa malangizo, yezaninso pamenepo. Mwina wina analumikiza furiji, nambala n'kutsika kufika 49. Gawo limenelo lidulidwe palokha ndi manambala ake.

Mphepo: sefa ya onse, kenako dzanja

Mphepo ilibe munga woti muuboole. Chida choyamba ndi High-Pass Filter, sefa yomwe imalola za pamwamba kudutsa n'kugwira za pansi. Pa mzere wonse ikani Frequency pa 100 ndi Roll-off pa 24 dB. Zikutanthauza kuti kuyambira pa 100 Hz kupita pansi phokoso likucheperachepera, ndipo pofika pa 50 Hz lachepa ndi pafupifupi 24 dB, komwe ndi kuchepa kwakukulu zedi. Akanakhala mayi akulankhula, mukanayambira pa 120 kapena 150 popanda kuluma mawu awo. Sefa imeneyi yokha imachotsa kugunda kwa pansi komwe kumagwedeza masipika.

Zotsala ndi mafunde aakulu a mwera. Sinthani kaonekedwe ka mzere kukhala Spectrogram. Mawu a munthu amaoneka ngati timizere tosanjikizana tokhotakhota, pomwe mphepo imaoneka ngati mtambo wowala wotuluka pansi. M'mphindi zinayi za amalume tiyerekeze kuti mitambo yotere ilipo 14. Kuona maso a nkhono n'kudekha: uliwonse muuchitire pawokha.

Isanu ndi itatu yagwera pomwe amalume akupuma. Imeneyi ndi yosavuta. Sankhani mtambowo, muutsitse ndi Amplify polemba -12. Musagwiritse Silence, chifukwa chete weniweni pakati pa phwando amamveka ngati dzenje, ndipo khutu limadzidzimuka kuposa momwe likanachitira ndi mphepo. Ngati kutsitsa sikukwanira, koperani kachidutswa ka phokoso lodekha la pamalopo, kotalika chimodzimodzi ndi komwe mwasankha, n'kukamata pamenepo.

Inayi yagwera pamawu. Apa sankhani chiganizo chokhudzidwacho chokha, kuyambira pa mpata wa pakati pa mawu mpaka pa mpata wina, kuti pasamveke kuthetheka polowa ndi potuluka. Bwerezani High-Pass Filter pa 180 kapena 200 Hz. Mawu a amalume apepuka kwa masekondi amenewo, ngati akulankhula pa foni, koma amveka. Mwina mungade nkhawa kuti tsinde la mawu awo lapita, nanga Chichewa chimasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika pokweza ndi kutsitsa mawu. Musaope. Mawu a pa 110 Hz nawo ali ndi ana pa 220, 330, 440 ndi kupitirira, ndipo ubongo umawerengera tsinde kuchokera kwa anawo. Kukwera ndi kutsika kwa mawu kumamvekabe.

Chifukwa chosaikira 200 Hz pa mzere wonse n'chomwecho: mungapepule munthu kwa mphindi zinayi pofuna kuchiza masekondi khumi. Mitambo iwiri yotsala tiisunge kaye, chifukwa vuto lake ndi lina.

Batani lomwe limanyenga ambiri

Mu Audacity muli chida chotchedwa Noise Reduction, ndipo dzina lake lokha limakopa. Ambiri amayambira pomwepo, n'kuchikweza mpaka kumapeto. Kagwiridwe kake nkotere: mumachipatsa chitsanzo cha phokoso lopanda mawu, icho chimaloweza kukula kwa phokosolo pa khwerero lililonse, kenako chimatsitsa chilichonse chomwe sichikuposa muyeso umenewo. Chimagwira bwino pa phokoso losasintha, monga kusosola kwa mikisa kapena injini ya jenereta yomveka chapatali. Pa mphepo chimalephera, chifukwa funde la tsopano silifanana ndi la masekondi asanu apitawo. Mukachipatsa chitsanzo cha funde lalikulu, chimaganiza kuti phokoso ndi lalikulu motero ponseponse, n'kuyamba kudya mawu.

N'chifukwa chake chimabwera pambuyo pa masefa. Bwererani pa kampata kodekha kaja, kopanda mphepo, nthungululu kapena chifuwa cha munthu. Dinani Get Noise Profile. Kenako sankhani mzere wonse, pa Noise reduction muike 6, pa Sensitivity 6, pa Frequency smoothing 6. Musanavomereze, sankhani Residue n'kumvetsera ndi Preview. Residue imakumvetsani zomwe zikutayidwa, ngati kuyang'ana gaga mutapeta. Mukamva kusosola kokha, zili bwino. Mukamva mawu oti mungawazindikire, mukutaya mphale pamodzi ndi gaga, ndipo tsitsani manambala. Mukakhutira, bwezerani pa Reduce musanadine OK. Ngati 6 wachepa, yesani 9. Kupyola 12 pa mawu ojambulidwa panja kumabweretsa zovuta kawirikawiri.

Zizindikiro za kupyola muyeso ndi zitatu. Choyamba, kumbuyo kwa mawu kumamveka timaphokoso tonga madzi otuluka m'botolo kapena timbalame tachitsulo. Chachiwiri, mapeto a mawu amadulidwa, munthu n'kumamveka ngati akumeza zilembo zomaliza. Chachitatu n'chofunika kwa ife olankhula Chichewa. Kampweya komwe kamasiyanitsa phala ndi pala, kapena khola ndi kola, kamafanana kwambiri ndi kusosola, ndipo zilembo monga s, f ndi ts n'chimodzimodzi. Chida chikakwezedwa, zimenezi ndizo zimayamba kufooka. Pezani chiganizo chokhala ndi ph, th kapena kh, muchimvetsere musanasefe ndi mutasefa. Kampweya kakachepa, bwererani m'mbuyo ngakhale phokoso litatsalako.

Pomwe madzi atayika

Tibwerere ku mitambo iwiri ija. Mukabwezera kaonekedwe ka Waveform n'kukulitsa pamenepo, mupeza kuti nsonga za mafunde ndi zosalala ngati zadulidwa ndi chikwanje. Mphepo inakankha mwamphamvu kuposa momwe chojambulira chingalandirire, ndipo zonse za pamwamba pa muyeso sizinalembedwe. Mawu a amalume omwe anakwera pa fundelo anadulidwira limodzi. Nsongazi muzifufuze pa fayilo yoyamba, musanasefe, chifukwa masefa amazikhotetsa n'kubisa umboni. Chida cha Clip Fix chimayesa kujambulanso nsonga zodulidwa, ndipo chimathandizako pomwe zadulidwa pang'ono, ngati chagwiritsidwa ntchito masefa asanadutse. Pomwe mphepo yaphwanya kwa sekondi yathunthu, madzi akatayika saoleka.

Mafoni ndi makamera ambiri ali ndi khalidwe linanso: amadzitsitsira okha mphamvu ya maikolofoni phokoso likakula. Mphepo ikamenya, mawu a munthu amatsika nawo, n'kubwerera pang'onopang'ono. Mukachotsa mphepo mupeza mawu alipo koma ali pansi. Amenewa si otayika. Akwezeni ndi Amplify, 4 kapena 6 dB, pa gawo lokhalo.

Pa mawu ophwanyikadi, yankho lili kunja kwa fayilo yanu. Yambani ndi mzere wakumanja womwe munausunga uja. Si nthawi zonse pomwe mphepo imamenya maikolofoni awiri otalikirana pa nthawi imodzimodzi, choncho mwina kumeneko chiganizocho chinapulumuka. Kenako funsani abale. Pa chinkhoswe mafoni ojambula amakhala ambiri, ndipo wina anakhala kuseri kwa tenti komwe mwera sunafike. Apempheni akupatseni fayilo pa chingwe, kapena aitumize ngati Document kuti isafinyidwe. Iikeni pa mzere wake pansi pa wanu, mupeze phokoso lakuthwa lomwe lili m'mafayilo onse awiri, monga kuwomba m'manja, n'kusuntha mpaka nsonga zake zigwirizane. Tsitsani mzere wanu pa masekondi owonongekawo, wobwerekawo ulowe ndi Fade In n'kutuluka ndi Fade Out. Gwirizanitsani pafupi ndi malo omwe mukukonzawo, chifukwa mawotchi a m'zida ziwiri sayenda ndendende ndipo pakapita mphindi zambiri amasiyana.

M'chitsanzo chathu, mtambo woyamba wa masekondi anayi wapulumuka ndi foni ya mdzukulu. Wachiwiri, wa masekondi awiri, palibe anaujambula bwino. Njira zatsala ziwiri. Mungalembe mawuwo pansi pa chithunzi, mutafunsa eni ake zomwe ananena. Kapena amalume angabwereze chiganizo chokhacho pa maikolofoni, ali panja pomwe palibe mphepo, osati m'chipinda, chifukwa makoma amabweza mawu ndipo chigamba chimaonekera. Pa kanema wa banja zimenezi n'zotheka banja likadziwa ndi kuvomera. Pa nkhani ya mtolankhani, kapena kanema yemwe angakhale umboni, musabwerezetse munthu mawu n'kuwaonetsa ngati a tsiku lija. Lembani pansi pa chithunzi zomwe zikumveka, zosamveka muzisiye.

Kubwezera mawu ndi kudziwa polekera

Kukweza mawu onse kumabwera pomaliza, chifukwa mukayamba nako mumakweza ndi phokoso lomwe. Gwiritsani Normalize pa -1 dB, mutulutse fayilo ya WAV pa Sample Rate yomwe inabwera nayo, yomwe pa makamera ambiri ndi 48000. Onetsetsani kuti kutalika kwake kukufanana ndi kwa fayilo yoyamba, kenako muilumikize ku kanema popanda kukhudza zithunzi:

```
ffmpeg -i chinkhoswe.mp4 -i oyera.wav -map 0:v -map 1:a -c:v copy -c:a aac -b:a 192k chomaliza.mp4
```

Mvetserani m'malo atatu: pa mahedifoni, pa foni, ndi pa masipika aakulu. Yang'anani milomo kumapeto kwa kanema, osati koyambirira kokha. Kenako itanani munthu yemwe sanapite ku chinkhosweko ndipo sanamvepo kanemayu. Inu mwamva malangizowo kambirimbiri, mwawaloweza, ndipo ubongo wanu ukudzaza mipata yomwe mlendo sangaidzaze. Muuzeni abwereze zomwe amalume anena. Akabwereza zonse osafunsa kuti "atinji pamenepo?", ntchito yatha, ngakhale mphepo ikumvekabe chapansipansi.

Mphepo yotsalayo musaithamangitse. Pa chithunzi zitenje zikuuluka, tenti ikugwedezeka, nyanja yachita mafunde. Mawu a zii ngati a mu situdiyo angatsutsane ndi zomwe maso akuona. Pakadzapita zaka, adzukulu akadzaonera, adzamva amalume akulangiza mwana wa mlongo wawo liwu ndi liwu, ndipo kumbuyo kwawo adzamva kuti linali tsiku la mwera ku Nkhotakota.